Basi yako inyamuka Lachisanu

Enelesi mwana wanga,

Ndikulemba masana ano a Lachinayi, nditakhala pabenchi la kuseri kwa nyumba. Amayi ako akukukazingira nkhuku ya paulendo, ndipo akuganiza kuti ndikulemba mndandanda wa katundu wako. Asiye aganize choncho. Mawa mmawa ukukwera basi ya ku Botswana kukagwira ntchito ya unamwino zaka ziwiri, ndipo ine bambo ako, amene umandidziwa kuti mawu anga pa tsiku sadzaza n'komwe supuni, ndagula kope lathunthu kuti ndilankhule nawe.

Dzulo Mulenga anandipeza pa kiyosiki ya madzi. Anandilanda zigubu zonse ziwiri monga amachitira, ndipo tili m'njira anati, "Ba tate, pa Sondo musavutike na ma minibasi. Napempha motoka kuli ba yama, nizabwela kuseni-seni timupeleke Enelesi ku steshoni."

Lamulungu, mwana wanga? Tikiti yako ndinaiona ndi maso angawa, yalembedwa Lachisanu. Mnyamata amene wayenda nawe zaka zitatu, amene akwawo anabwera kale pakhomo pano kudzadziwika, wamuuza tsiku labodza kuti akadzafika ndi galimoto ya amalume ake adzapeze chipinda chako chosesa. Ndipo ine ndinangoti, "Zikomo mwana wanga." Ndinanama nawe limodzi. Chikundipweteka n'chakuti sindinadabwe, chifukwa kuzemba kumeneku unakuphunzira kwa ine.

Sindikukukalipira. Ndikufuna ndikuuze kumene khalidweli linachokera, chifukwa ine ndinadzalidziwa imvi zitayamba kale.

Ndinabadwira ku Matero, koma ukudziwa kuti agogo ako anachokera ku Dedza kudzafuna ntchito kuno ku Lusaka. Ndili ndi zaka zinayi amayi anabereka mwana wina, nyumba inali ya chipinda chimodzi, ndiye ananditenga ulendo wa ku Malawi kwa azakhali anga. Tsiku lachitatu mmawa anandiuza kuti, "Thamanga ukaone ana a mbuzi kukhola." Ndinathamanga, ndinaona ana a mbuzi, ndinabwerera kuti ndiwauze kuti kamodzi n'koyera. Anali atapita. Umu ndi mmene anthu ankachitira, ndipo ambiri akuchitabe. Amati ukatsanzika mwana alira kwambiri, bola kumunamiza. Sikunali nkhanza ayi, m'maganizo mwawo ankandimvera chisoni.

Azakhali anadzandiuza ndili wamkulu kuti ndinalira masiku angapo mpaka mawu anatha. Kenako ndinasiya kulira, ndinkangokhala pansi pa mtengo wa m'mbali mwa njira, osadya bwino, osasewera. Patapita milungu ndinadzuka n'kuyamba kusewera ndi anzanga, ndipo anthu onse anati, "Wazolowera." Azakhali sanali munthu woipa, koma anali ndi ana awo asanu ndi dimba. Ndikabwera ndikulira ankati, "Khala chete, wamwalira ndani?" Ndinaphunzira msanga kuti ndikakhala chete ndimaloledwa kukhala nawo pafupi, ndikalira ndimathamangitsidwa. Patatha zaka zinayi amayi anabwera kudzanditenga. Anagwada pansi atatambasula manja, akulira. Ine ndinawayang'ana kamodzi, ndinawapatsa moni ngati mlendo wa azakhali, n'kupitiriza kupinda galimoto yanga ya mawaya.

Zimene zinandichitikirazi ndinazimvetsa nditayamba ulonda pageti la sukulu ya mkaka ya a Mwansa muno mu komboni yathu ya George. Umawadziwa a Mwansa, anali namwino wa kusikelo ya ana asanapume pa ntchito. Mlungu woyamba ndinayamikira kamnyamata kena kamene amayi ake akakasiya sikankatembenuka n'komwe. Ndinati uyu ndiye mwana wolimba. A Mwansa anandiseka. Anati, "Ba Phiri, kuseni musayang'ane maningi, kulila bana bambili balila. Muziyang'ana pamene ba mai bao babwela kubatenga. Ni pamene muzaona vonse."

Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikuyang'ana pageti lija nthawi yoweruka, ndipo anali kunena zoona. Ana ambiri, amayi awo akangotulukira, amathamanga, amanyamulidwa, ngati analira amatonthola nthawi yomweyo, ndipo posakhalitsa akufuna kutsika kuti akaonetse amayi chimene anaumba ndi dothi. Mwana wotere anaitanapo kambirimbiri ali khanda ndipo nthawi zambiri wina anabwera. Sikuti nthawi zonse, palibe kholo lotero, koma kokwanira kuti mumtima mwake akhazikike kuti ndikavutika alipo wondimva. N'chifukwa chake amatha kupita kutali kukasewera, amadziwa kobwerera.

Alipo ena amene amalira kuyambira mmawa, maso ali pageti, osakhudza chidole. Amayi akafika amawakakamira m'khosi, koma nthawi yomweyo akuwamenya pachifuwa, akutaya bisiketi imene apatsidwa. Umunyamule akulira, umutsitse akulira. A Mwansa anandiuza kuti kawirikawiri mwana wotere kwawo chikondi chimabwera mosadziwika: lero akalira anyamulidwa, mawa alira mpaka kutopa osaonedwa. Ndiye amaphunzira kuti njira yake ndi kukuwa kwambiri ndiponso osachotsa maso pa munthu wake, kuopa angasowenso.

Ndiye pali aja ngati kamnyamata kanga kolimba. Amayi akupita, sikayang'ana. Amayi abwera, kakupitiriza kukankha galimoto yake. Tsiku lina amayi ake atangotuluka pageti a Mwansa anandikodola. Anati, "Ikani kwanja pa chifuba pake." Ndinaika dzanja pachifuwa pake. Kamtima kake kankagunda ngati ka nkhuku imene waigwira kuti uiphe, koma nkhope ili phee. Mantha anali momwemo, kungoti kanaphunzira kuti kuwaonetsa sikuthandiza. Ndinabwerera pampando wanga wa pageti ndipo tsiku lonse sindinathe kudya. Ndinaona ana a mbuzi a ku Dedza, ndipo ndinaonanso iwe.

Mtundu wina ndauonapo kangapo kokha, ndipo umandimvetsa chisoni kuposa yonse. Mwana amayamba kuthamangira kholo lake, n'kuima pakati pa bwalo ngati wauma, kapena kuyandikira chafutambuyo. Amene ayenera kumutonthoza ndi yemweyo amene amamuopsa kunyumba, ndiye sadziwa ngati athawire kwa iye kapena amuthawe. Pa ntchito yako udzakumana nawo, ana ndi akulu omwe. Udzawaleze mtima.

A Mwansa ankandichenjeza kuti ndisamagawe ana ngati tomato pamsika. Ena amabadwa osachedwa kudzidzimuka, ena amabadwa ofatsa. Mwana yemweyo akhoza kukhala womasuka kwa agogo ake koma womangika kwa bambo ake. Womulera sachita kukhala mayi womubereka, akhoza kukhala azakhali, agogo, bambo, bola akhale munthu wopezeka ndi womumva. Ndiponso kusiyana kamodzi sikuumba munthu, chimamuumba ndi chimene chimachitika mobwerezabwereza, makamaka mmene amamulandirira akabwera ndi misozi. Koma chimene mwana waphunzira pamenepo amachitenga ngati mmene anthu onse alili, ndipo amakula nacho, n'kukalowa nacho m'chinzake ndi m'banja osadziwa kuti wanyamula kanthu.

Tsopano tamvera mmene ine ndinalowera nacho m'banja. Amayi ako anakulira ku Kanyama, kwa mayi wophika mowa. Tsiku limene malonda ayenda bwino ankawaluka tsitsi, kuwaimbira nyimbo, kugona nawo mphasa imodzi. Tsiku lina mayi yemweyo osawaona n'komwe, kapena kuchoka masiku awiri osanena kumene apita. Ndiye amayi ako anakula ali mlonda woposa ine. Ndikangochedwa pang'ono, m'mutu mwawo ndafa kale kapena ndakwatira kwina. Ndikalowa m'nyumba nkhope ili gwa, iwo ayamba: "Nakulakwilani chani? Simunikonda? Kambani!" Iwo akamafunsa ine ndimamva ngati m'nyumba mwatha mpweya, ndimatuluka. Ndikatuluka iwo mantha amakula, amanditsatira mpaka pamsewu. Akamanditsatira ine ndimawonjezera liwiro. Aliyense ankaona mnzake ngati ndiye woyambitsa, chonsecho tonse tinali ndi mantha amodzi omwewo, oti atisiya.

Uzidabwa kuti tinakondana bwanji. Iwo anaona mwamuna wodekha wosatekeseka, ine ndinaona mkazi wamoyo amene ankalankhula zonse zimene ine sindinkatha. Tinasankhana bwino ndithu, kuti tizunzane.

Nthawi imene makampani a boma ankagulitsidwa, yathu inatsekedwa. Anatiitana mmawa, anatipatsa makalata, basi. Ukudziwa chimene ndinachita? Milungu itatu ndinkadzuka, kuvala ovolosi, kutenga chakudya changa cha masana, n'kukakhala pansi pa mtengo pafupi ndi njanji mpaka nthawi yoweruka. Sikuti ndinkafuna kunamiza amayi ako. Kungoti m'mutu mwanga munalibiretu ganizo loti munthu akavutika amapita kwa mnzake. Iwo ankaona kuti china chake chalakwika, ndipo poti sindinkanena, anadzazamo okha: ali ndi mkazi ku Chawama. Tsiku lina analongedza chikwama n'kuima nacho pakhomo. Anati, "Nayenda kwathu." Ankafuna ndinene mawu amodzi okha, akuti musapite. Ine mtima ukugunda ngati wa kamnyamata kaja, ndinanyamula chikwamacho n'kuwaperekeza pa siteji ya minibasi. Mpaka lero akakwiya amandikumbutsa kuti ndinawapezeranso mpando wa pawindo.

Anabwerako patatha masiku anayi atamva zoona kwa mkazi wa mnzanga wa kuntchito. Sanandinyoze za ntchito. Chimene analirira n'chakuti ndinasenza ndekha iwo ali pomwepo.

Apa ndi pamene nkhani ikufika pa iwe. Ntchito itatha, amayi ako anayamba geni yokatenga katundu ku Harare, mabulangete ndi ziwiya, kudzagulitsa kuno. Ulendo umodzi unkatenga mlungu, nthawi zina iwiri. Unali ndi zaka zinayi, zomwe zija ndinali nazo ine. Mmawa wa ulendo woyamba amayi ako ankafuna kukutsanzika. Ndine ndinakana. Ndinati alira, musiyeni, ndikudziwa mmene amachitira. Ndinakutuma pa kantemba ka pakona kuti ukagule switi, ndipo iwo anatulukira kuseri ndi chikwama.

Unabwera ukuthamanga, uli ndi maswiti awiri m'manja. Unati, "Iyi ni yanga, iyi ni ya ba mami." Unawafunafuna kuchipinda, kubafa, kwa aneba. Kenako unabwera kwa ine ukulira, ukukwera pamiyendo panga. Ndinakutsitsa. Ndinati, "Khala chete, ndiwe wamkulu." Mawu a azakhali anatuluka m'kamwa mwanga osawaitana. Switi ija unagona nayo m'manja mpaka inasungunuka.

Tinachita zimenezi ulendo uliwonse. Pena switi, pena kukutuma kwa aneba, pena kunyamuka uli mtulo. Maulendo oyamba unkalira, ndipo ine nthawi zonse ndinkakutsitsa. Sindinkadana nawe, mwana wanga. Kulira kwako kunkadzutsa chinthu mwa ine chimene sindinkatha kuchipirira, ndiye ndinkachitontholetsa mwa iwe. Patapita miyezi unasiya. Amayi ako akabwera ndi katundu wawo, akukuitana pakhomo, iwe unkangoti "Mwabwela," n'kupitiriza kusewera. Iwo ankalira kuchipinda, ine ndinkanyadira kwa anthu kuti mwana wanga savuta. Uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri unadzicheka phazi ndi lata, unadzimanga wekha ndi kansalu, ndipo tinadziwa patatha masiku atatu bala litayamba kununkha. Aneba anati mwana uyu adzakhala namwino. Palibe anafunsa chifukwa chimene mwana wamng'ono chotero sanaitane munthu.

Ulendo wa ku Harare sindiuimba mlandu, ndi umene unatidyetsa ndi kukuphunzitsa. Amayi ako akanapitabe. Cholakwa chinali kukunamiza popita, ndi kukutsitsa pamiyendo ukalira. Zonse ziwiri ndinachita ndine. Pepa, Enelesi. Ndakhala nalo liwu limeneli zaka zambiri.

Mng'ono wako Tadala anabadwa nditatsala pang'ono kuyamba kwa a Mwansa, ndiye anakula ine nditayamba kukhala bambo wosinthika. Amayi ako akamapita tinkamuuza dzulo lake. Ankalira mpaka aneba kutuluka, ine ndinkamunyamula mpaka atatonthola, ndipo tinkawerenga limodzi masiku pa zala. Umamuseka kuti ndi wolira, koma taona mmene alili. Akakhumudwa amanena, akafuna thandizo amapempha, akayambana ndi mnzake mawa lake ali limodzi. Iwe unaona zonsezi uli pambali, ndipo sunanenepo kuti bwanji ine simunandinyamule. Ndikanakonda ukananena.

Usaganize kuti zimenezi zimathera pa chikondi cha mwamuna ndi mkazi. Ndinali ndi mnzanga, a Chanda, wa ku Kitwe, tinagwira ntchito pa makina amodzi zaka khumi. Ntchito itatha iye ndi amene anandipeza tsiku lina pansi pa mtengo uja wa kunjanji, ndipo ndinalira pamaso pake, kamodzi kokha m'moyo wanga wa ukulu. Anandigwira paphewa, sananene chilichonse choipa. Kuyambira tsiku limenelo sindinafunenso kumuona. Anabwera kunyumba katatu, katatu konse ndinabisala kuchipinda n'kuuza amayi ako kuti anene kuti ndachoka. Ndinayamba kudziuza kuti munthuyu amalankhula kwambiri, amadya motafuna mokweza, si mnzanga weniweni. Zaka khumi zonse zija kutafuna kwake sindinakumvepo. Anabwerera kwawo ku Kitwe, ndipo uthenga wa maliro ake unandipeza ataikidwa kale.

Ndikukuuza za a Chanda chifukwa cha Bupe, mnzako wa kusukulu ya unamwino. Pamene unadwala malungo aakulu aja, ndi Bupe anakusambitsa, kukudyetsa phala, kukuchapira. Utachira unayamba kusayankha foni yake. Amayi ako atakufunsa unati, "Aah, uja amakonda kulowelela maningi." Ine ndinali pomwepo ndipo ndinamva mawu anga enieni. Bupe sanakulakwire. Anakuona uli wofooka, ndipo kwa anthu ngati ife ameneyo ndi mlandu waukulu.

Ndiye taona mmene chimagwirira ntchito chinthu chimenechi, kuti uzichizindikira chikamabwera. Sichibwera pamene munthu wakuchitira choipa. Chimabwera pamene wayandikira: wakuchitira chabwino, wakuona ukulira, wanena za ukwati. Mwadzidzidzi umamva kubanika. Umayamba kuona zilema zake zing'onozing'ono. Ntchito imachuluka, foni imakhala yopanda moto, umadziuza kuti ine ndimakhala bwino ndekha. Ukachoka umamva kupepuka, ndipo kupepukako kumakunamiza kuti wachita bwino. Kusungulumwa kumabwera mochedwa, munthu atatopa kale n'kupita. Ndaona kuti chiyambire kubwera kwa akwawo a Mulenga iwe wayamba kudandaula za nsapato zake ndi mmene amasekera. Nsapato zake n'zoipa ndithu, pamenepo ndikuvomereza, koma wakhala akuvala zomwezo zaka zitatu.

Ndikudziwanso chimene ukudziuza za mawa. Ukuti ukumupulumutsa, kuti asavutike ndi kutsanzikana, udzamuimbira ukafika. Amayi anga anadziuza zomwezo, inenso ndinadziuza zomwezo pamene ndinkakutuma switi. Wozemba sapulumutsa wotsalayo, amadzipulumutsa yekha kuti asaone nkhope yake. Wotsalayo ululu amaumva wonse, n'kuwonjezapo wina woti anandinamiza. Mulenga ndi mnyamata wokhazikika, anakulira m'nyumba imene anthu amauzana zinthu. Ukakhala chete sakutsatira ndi mafunso ngati amayi ako, ndipo sathawa ngati ine, amangokufunsa kamodzi n'kudikira. Anthu otere ndi amene amatichiritsa ife. Koma ngakhale munthu wokhazikika ukamuzemba amayamba kukayika. Adzayamba kuimba kasanu pa tsiku, iwe udzabanika n'kuzimitsa foni, ndipo mudzapezeka mukuthamangitsana ngati ine ndi amayi ako, wina ku Lusaka wina ku Botswana. Kapena adzangokhala chete, n'kupita ngati a Chanda.

Chimene ndikufuna usaiwale n'chakuti zimasintha. Zimene munthu anaphunzira ali mwana zimamukokera mbali imodzi, koma sizimumanga miyendo. Ine ndinayamba ndi chinthu chaching'ono chimene a Mwansa amauza makolo pageti: tsanzika, nena nthawi yobwera, ndipo ubweredi nthawi imeneyo. Ndinaganiza kuti ngati chimathandiza ana a zaka zitatu, mwina chingathandize nkhalamba ziwiri. Tsiku lina amayi ako atayamba mafunso awo, m'malo mongotuluka ndinaima pakhomo n'kunena kuti, "Mutu wanga watentha, sindingathe kulankhula pano. Sindikukusiyani. Ndikupita kukayenda, ndibwera dzuwa lisanalowe, ndipo tidzakamba." Anandiyang'ana ngati ndalankhula Chitchaina. Ndinabwera dzuwa lisanalowe, ndinakhala pansi, ndinanena zimene zinkandivuta, thukuta lili kamukamu ngati ndikukumba chimbudzi.

Sizinathe tsiku limodzi. Ndinalephera kambiri, iwonso analephera kambiri. Koma ataona kakhumi, kamakumi awiri, kuti ndikati ndibwera ndimabweradi, anasiya kunditsatira pamsewu. Nawonso anaphunzira kunena kuti "Nili na mantha" m'malo monena kuti "Muli na mukazi wina." Mawu oyambawo ndimatha kuwayankha, achiwiriwo ankandithamangitsa. Lero ndikachedwa amadandaulabe, ndipo ine ndikakhumudwa miyendo imafunabe njira ya kunjanji. Kungoti tsopano timachidziwa, timatha ngakhale kuchiseka.

Ndiye kumene ukupitako, mwana wanga, ukachite izi. Ukamva kubanika kuja, usafulumire kukhulupirira kuti munthuyo ndi woipa. Dzifunse kuti chachitika n'chiyani posachedwa, ndipo kawirikawiri udzapeza kuti anangoyandikira. Kufuna kukhala wekha si tchimo, ndi mmene tilili, koma uzinena ndi pakamwa, ndi nthawi yomwe ubwerere. Mugwirizane ndi Mulenga tsiku loimbirana, ndipo tsikulo likafika uziimba ngakhale ulibe nkhani. Uzipempha tinthu ting'onoting'ono kwa anzako a kuntchito, akusonyeze msika, akuperekeze kuchipatala ukadwala. Udzamva manyazi ngati wavula, koma ukaona kuti wapempha ndipo palibe wakutsitsa pamiyendo, mtima umaphunzira pang'onopang'ono. Iwe umadziwa kusamala odwala wadi yonse, tsopano uphunzire kulola munthu mmodzi akusamale. Ukapeza mnzako wamtundu wa amayi ako, wofunsa kawirikawiri ngati wamukwiyira, usamunyoze. Muyankhe msanga ndi momveka, udzaona mafunso akuchepa.

Koma usasokoneze zinthu. Si kufuna kuchoka kulikonse kumene kuli matenda athuwa. Munthu akamakumenya, kukuopseza kapena kukunyoza, mantha amenewo ndi oona, choka ndipo undiuze. Ndiponso sindikukukakamiza kukwatiwa ndi Mulenga. Ngati wayeza bwinobwino n'kupeza kuti sukumufuna, ndi moyo wako, ndidzaima nawe pamaso pa akwawo. Koma ukamuuze m'maso. Ngati ukumufuna, ndipo ine ndikuganiza kuti ukumufuna kwambiri moti n'chifukwa chake ukuthawa, ukamuuzenso m'maso kuti basi ndi ya mawa, kuti unanama, ndi kuti unanama chifukwa umaopa kulira pamaso pake. Akwiya, ali ndi ufulu. Ukhale pomwepo mpaka atamaliza kukwiya.

Ine sindimuuza. Ndinaganizapo zopita ndekha kwa Mulenga ku Matero, koma ndikatero ndakuzemberanso njira ina. Bupe nayenso nambala yake ikadali m'foni mwako, ndikudziwa kuti sunaifufute.

Mawa ndikuperekeza mpaka pakhomo la basi. Ndikuchenjezeretu kuti ndikalira, pamaso pa makondakitala ndi ogulitsa mabisiketi onse, ndipo amayi ako akachita manyazi nane koyamba m'moyo wawo. Nawenso ukafuna kulira ukalire, palibe akakuuze kuti ndiwe wamkulu.

Ndiulule chomaliza. Pogula kopeli maganizo anga anali oti ndilembe, ndiike kalatayi pansi pa mayunifolomu m'sutikesi mwako, ukaipeze uli kutali ine ndili bwinobwino kuno osaona nkhope yako. Ndafika pa tsamba lino ndi pamene ndazindikira kuti kumeneko n'kukutumanso switi. Ndiye ndikupatsa m'manja, lero, dzuwa likadalipo, minibasi za ku Matero zikadayenda. Uwerengere pabenchi pompano. Ine ndikhala kumapeto kwake mpaka umalize, ngakhale miyendo ikundiuza kale kuti ndikaone ngati ku kiyosiki kwabwera madzi.

Ukamaliza udzutse maso, undipeza.

Ndine bambo ako,
amene anaphunzira mochedwa kutsanzika.